Bilu ya madzi ya K70,100 imene inabwera pa foni

Pa poloti imene ndimachita lendi kuno ku Kasungu tilipo mabanja atatu, mpopi ndi umodzi, mita nayonso imodzi. Bilu imafikira kwa eni nyumba, iwo amaijambula n'kutiponyera pa WhatsApp, ife n'kugawana. Mwezi umene ndikunenawu chithunzi chinabwera madzulo ndi mawu awiri okha: "Mwaiona, ana anga?" Pansi pake panali K70,100.

Mayi a nyumba yapakati anayamba kuloza zala ana a kumbuyo, amvekere amasiya mpopi ukutayika. Ine ndinati, "Mayi, dikirani kaye ndiwerengere." Ndinatenga kope la mwana ndi cholembera, chifukwa pa foni ukamakulitsa mbali imodzi ya chithunzi mbali ina imabisika, ndipo manambala amasokonekera m'mutu.

Ndinayamba ndi kukopera. Dzina ndi nambala ya mita ndinaziyang'ana kaye, kuopa kuvutika ndi bilu ya poloti ina, pakuti eni nyumbawa ali ndi nyumba zingapo. Kenako ndinalemba tsiku limene anawerenga mita, nambala ya mwezi watha ndi nambala yatsopano. Ya mwezi watha inkaoneka bwino, 1247, ndipo inagwirizana ndi imene inali yatsopano pa bilu yapitayo. Ziyenera kutero nthawi zonse: pamene bilu yakale yathera m'pamene yatsopano imayambira. Vuto linali pa nambala yatsopano. Pepalalo linapindidwa pomwepo, kuwala kwa foni n'kugweranso pamzere wopindikawo, moti nambala yomaliza inkatha kukhala 3 kapena 8. Bokosi losonyeza madzi ogwiritsidwa ntchito linali pansi pa chala chachikulu cha wojambula.

Ndinalemba zonse ziwiri. Ngati ndi 1283, kuchotsapo 1247 kutsala 36. Ngati ndi 1288, kutsala 41. Amenewa ndi mayunitsi, ndipo yunitsi imodzi ya madzi ndi malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20 kapena migolo 5 ya malita 200. Choncho kusiyana kwa 3 ndi 8 pamenepa ndi ndowa 250.

Apa ndinalakwitsa kaye, ndivomere. Ndinaona mtengo wa yunitsi pa bilu, ndinachulukitsa ndi mayunitsi onse 41, n'kupeza ndalama yosagwirizana ndi mzere uliwonse. Madzi a pakhomo sawerengedwa choncho. Mtengo wake uli m'magawo, ngati makwerero: mayunitsi oyambirira ndi otsika mtengo, otsatira amakwerako, opitirira pamenepo amadula kwambiri. Mtengo wapamwambawo umagwira mayunitsi okhawo amene adumpha malire, osati onse.

Mitengo imasintha, ndiye imene ndalemba apayi ndaizunguliza dala kuti masamu aoneke bwino. Inu mutenge ya pa bilu yanu kapena mukafunse pepala la mitengo ku ofesi ya madzi, ndipo muonetsetse kuti ndi ya nyumba zokhalamo, osati ya mabizinesi. Tinene kuti mayunitsi 10 oyamba ndi K800 iliyonse, mayunitsi 20 otsatira ndi K1,200 iliyonse, ndipo opitirira 30 ndi K1,600 iliyonse. Palinso K2,500 yokhazikika ya mwezi ndi mwezi, imene mumalipira ngakhale mutapanda kutsegula mpopi.

Ndinadzaza magawowo limodzilimodzi, monga mmene timadzazira ndowa: ikadzaza yoyamba m'pamene timatchera yachiwiri.

```
10 x 800   =  8,000
20 x 1,200 = 24,000
11 x 1,600 = 17,600
```

Pa mayunitsi 41, gawo loyamba latenga 10, lachiwiri 20, otsala 11 agwera m'gawo lodula. Kuphatikiza zonse ndi K49,600, kuonjezapo K2,500 ija ndi K52,100. Pa mayunitsi 36 mizere iwiri yoyambayo sisintha, koma wachitatu umakhala 6 kuchulukitsa ndi K1,600, imene ndi K9,600, ndipo zonse pamodzi zimakwana K44,100.

Ndinabwerera ku chithunzi. Mzere wa ndalama ya mwezi uno unali K52,100 ndendende. Nambala yobisika ija inadziulula yokha: bilu inagwiritsa ntchito 1288. K18,000 yotsalayo kuti ikwane K70,100 inali ngongole yochokera mwezi watha, ndipo mwini wake anadziwika msanga tikufunsana, sizofunika kuzilemba pano.

Munthu akhoza kulekera pamenepa n'kunena kuti bilu ili bwino, poti masamu atheka. Koma masamu amangosonyeza kuti makina anachulukitsa molondola nambala imene anapatsidwa. Sanena ngati nambalayo ndi yoona. Mmawa mwake ndinapita pa mita, pafupi ndi geti, ndinapukuta fumbi pa galasi n'kuwerenga. Manambala akuda ndi amene amalowa pa bilu. Ofiira aja ndi tizigawo ta yunitsi, musawaphatikize. Akudawo ankati 1286.

Apa panali patapita masiku atatu chiwerengereni mita. Mita imangopita kutsogolo madzi akamadutsa, ndiye sizikanatheka kuti masiku atatu apitawo inali pa 1288 pamene lero ili pa 1286. Ndinayesanso njira ina. Mayunitsi 36 pamwezi ndi pafupifupi 1.2 patsiku, masiku atatu ndi 3.6, ndipo 1283 kuonjeza 3.6 ikufika pa 1286 ndi kanthu. Zinagwirizana. Wowerenga mita anaona 8 pamene panali 3, ndipo sindikumuda, chifukwa galasi lake linali lofuuka moti inenso ndinachita kugwada. Tinalipiritsidwa mayunitsi 5 a m'gawo lodula amene tinali tisanawagwiritse ntchito, ndalama yake K8,000.

Ndisanachoke ndinatseka mpopi, ndinauza onse kuti asatunge kwa mphindi zingapo, n'kuyang'ana ngati manambala ofiira akuyenda. Sanasunthe. Paipi sinali kudontha, ndipo ana a kumbuyo aja anapulumuka mlandu.

Nditawaimbira eni nyumba anati, "Mwana wanga, zimenezo zimadzikonza zokha mwezi wamawa." Sananame kwenikweni. Mita ikadzawerengedwa bwino, bilu yotsatira idzayambira pa 1288, choncho idzachepa ndi mayunitsi 5 omwewo. Tikadzagwiritsanso ntchito 36, adzatilipiritsa 31, ndipo asanu ochotsedwawo adzachoka m'gawo lodula, K8,000 n'kubwerera yonse. Koma tikadzagwiritsa ntchito 30 okha, asanuwo adzachoka m'gawo la K1,200, kubwerera K6,000 basi, K2,000 n'kupita. Komanso banja la kumbuyo linali kusamuka kumapeto kwa mwezi, ndiye likanalipirira madzi oti adzamwe ena.

Ndinajambula mita, nambala yake ndi manambala akuda zikuoneka pa chithunzi chimodzi, n'kupita ku ofesi ya madzi ndi kope langa lija. Mayi amene ndinawapeza pa kauntala anayerekeza chithunzi ndi bilu, anafunsa tsiku limene ndinajambula, n'kunena kuti atumiza munthu adzawerengenso. Anabweradi. Bilu yokonzedwa inatuluka ndi K44,100 ya mwezi umenewo, ndipo titagawana patatu banja lililonse linapereka K14,700.