Silabu ya mabuloko obowoka: mabuloko 171, konkire makiyubiki mita 2.2

Gawo loyamba la silabu pa nyumba yakuno ku Dedza lathiridwa, ndipo konkire wakwana popanda kuthamangira simenti ina pakati pa ntchito. Chimene chinadya masiku si kuthirako ayi, koma masamu a mabuloko ndi konkire wolowa pakati pake. Masamuwa ndi awa, kwa amene mukukonzekera yanu.

Chipindacho ndi mamita 4.8 ndi 4.0 mkati mwa mabimu. Timabimu ta pakati pa mizere ya mabuloko tikuyenda mbali yaifupi, ya mamita 4.0. Pulani ya injiniya ikuti buloko ndi la mamilimita 400 × 200 × 150, kabimu kalikonse n'kotakata mamilimita 125, ndipo pamwamba pa mabuloko pabwere konkire wa mamilimita 50. Silabu yonse ndiye kuti ndi yochindikala mamilimita 200. Miyezo imeneyi ndi zitsulo zake n'za injiniya, ife chathu n'kuwerenga.

Ambiri amatenga kukula kwa chipinda, masikweya mita 19.2, n'kugawa ndi malo a buloko limodzi, 0.08, n'kupeza 240. Pamenepo aiwala kuti timabimu natonso timadya malo. Ena amakumbukira timabimu n'kupeza 183, komabe zachuluka, chifukwa mabuloko safika kukagunda bimu. Kumapeto kwa mzere uliwonse kumasiyidwa mamilimita 200 a konkire yekhayekha, poti pafupi ndi bimu ndi pamene timabimu timafuna kuduka chifukwa cha katundu. Njira yosanama ndi kuwerenga mizere. M'mamita 4.8 mukulowa mizere 9 ya mabuloko, uliwonse wotakata mamilimita 400, yomwe ndi mamita 3.6, ndi timabimu 8, tomwe ndi mita 1.0, ndipo otsala mamilimita 200 agawike 100 uku 100 uko. Mzere uliwonse ndi mamita 4.0 kuchotsa 0.4, kutsala 3.6, momwe mukulowa mabuloko 18. Onse pamodzi 162.

Konkire musavutike kuwerenga kabimu kamodzikamodzi. Tengani silabu ngati yodzaza, muchotse malo a mabuloko, kuphatikizapo mabowo ake:

```
4.8 × 4.0 × 0.20         = 3.84
162 × 0.40 × 0.20 × 0.15 = 1.94
3.84 − 1.94              = 1.90
```

Pa pepala ndi makiyubiki mita 1.9. Theka lake, 0.96, ndi konkire wapamwamba uja. Timabimu tonse 8 tikungotenga 0.54, ndipo wotsalayo ndi wa m'mphepete.

Vuto lagona pa buloko lenilenilo. Buloko lotchedwa la 400 × 200 × 150 nthawi zambiri likayezedwa ndi tepi limapezeka 390 × 190 × 140, chifukwa chikombole chake chinapangidwira khoma, ndipo mamilimita 10 osowawo ndi a matope omangira. Pa silabu palibe matope, mabuloko amagundana okhaokha. Ndiye 18 aja akungofika mamita 3.42, ndipo kuti mudzaze 3.6 mukufunika 19 pa mzere. Mizere 9 kuchulukitsa 19 ndi 171. Wina angaganize kuti mabuloko akachuluka konkire achepa, koma ayi, poti buloko lililonse lachepa mbali zonse zitatu. Kabimu kakula kuchoka pa 125 kufika pafupifupi 135, ndipo ngati mukusunga silabu ya mamilimita 200, wapamwamba wafika 60.

```
171 × 0.39 × 0.19 × 0.14 = 1.77
3.84 − 1.77              = 2.07
```

Mamilimita 10 amenewo sangaoneke ndi maso, koma pa chipinda ichi mamilimita 10 alionse owonjezera pamwamba ndi makiyubiki mita 0.19, omwe ndi mawilibala atatu. N'chifukwa chake shatala, matabwa oyalapo mabuloko ndi konkire, ikabwama pakati imameza konkire mwakachetechete. Kokani chingwe pamwamba pa shatala musanayale buloko ndi limodzi lomwe, ndipo yezani mabuloko khumi a pa lole yomwe yabwerayo, osati a chitsanzo amene anakuonetsani pogula.

Kwina kothawira konkire ndi m'mabowo. Buloko ligonekedwe kuti mabowo ake aloze kumene timabimu tikulowera, mbali zotseka ndizo ziyang'ane kabimu. Mukatero mzere wonse umakhala ngati mpope, wotsegula kumapeto kuwiri kokha. Mizere 9 ili ndi makomo 18. Mabowo awiri a buloko limodzi ndi pafupifupi masikweya mita 0.027, ndipo vayibuleta, makina ogwedeza konkire, ikakankhira konkire mkati masentimita 30 okha pa khomo lililonse, mwataya makiyubiki mita 0.15, komanso mwaisenzetsa silabu katundu amene injiniya sanawerengere. Mudzazindikira poona konkire wa m'mphepete mwa bimu akungotitimira, mukuthira koma sakudzadza. Mankhwala ake ndi otchipa: musanayale mabuloko, imikani mabuloko 18 akumapetowo pa pepala la thumba la simenti, muthire matope ochindikala masentimita awiri kapena atatu m'mabowo, aume. Kutseka ndi mapepala okha sindikukuvomereza, vayibuleta imawakankhira mkati.

Mabowo atatsekedwa, pa 2.07 paja tinawonjezera pang'ono za wotayikira pansi ndi wotsalira m'mawilibala, n'kukonzekera 2.2. Mabuloko tinaitanitsa 180, poti ena amasweka potsitsa ndi powaponda. Mabimu a m'mbali sali m'masamu awa. Ngati mukuthira tsiku limodzi, awerengeni paokha.

Msakanizo wa 1:1.5:3 wa simenti, mchenga ndi kwale umadya matumba 8 a simenti a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita, ndiye matumba 18, mchenga pafupifupi kiyubiki mita imodzi, ndi kwale pafupifupi makiyubiki mita awiri. Pa kwale ndiye ndikhalepo pang'ono. Kabimu ka 125 kokhala ndi zitsulo ziwiri za Y12, zonenepa mamilimita 12, mutasiya mamilimita 25 mbali iliyonse, kamatsala ndi mpata wa pafupifupi 50 pakati pa zitsulozo. Mwala wa mamilimita 20 umadutsa bwino. Miyala yophwanya pamanja yogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi yabwino pa fawundeshoni, koma simafanana kukula, ndipo umodzi wa 40 ukapingasa pamwamba pa zitsulo, pansi pake pamatsala phanga lomwe mudzaliona tsiku lochotsa shatala, chitsulo chili pamtunda. Ngati ndi yomweyo muli nayo, isefeni pa waya. Mchenga wa kumtsinje nawonso muuyese m'botolo la madzi, makamaka wokumbidwa mvula itangotha, umabwera ndi dothi.

Pothira, nyowetsani mabuloko kaye, apo ayi amamwa madzi a konkire ndipo kabimu kamauma kasanagwirane nawo. Wilibala iyende pa matabwa, isakhudze mabuloko. Dzazani timabimu mbali zonse ziwiri za mzere mofanana, chifukwa mukadzaza mbali imodzi yokha mzere umasuntha, kabimu kena n'kukula kena n'kuchepa. Wapamwamba atsatire pompo timabimu tisanaume.

Kuno kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumachedwetsa konkire kulimba, ndiye mapolo a bulugamu akhala m'malo mwake masabata atatu, madzi tikuthira m'mawa ndi madzulo. Gawo lotsatira ndi la pabalaza, lomwe lili ndi bowo la masitepe, ndipo mizere ya pamenepo idzafuna kuwerengedwa umodziumodzi. Maganizo alipo owotcheretsa chikombole chathuchathu cha 400 × 200 × 150 enieni, chotulutsanso mabuloko otseka mbali imodzi, mwinanso n'kuumbira nyumba yonse yam'mwamba.