Imelo ya mafayilo atatu ndi linki imodzi

Ndine mlembi wa komiti ya makolo pasukulu ya pulayimale ya kwathu. Mphepo itasasula denga la kalasi ina nyengo yamvula, tinafunika kuvomereza bajeti yogulira malata msonkhano wa Loweruka usanachitike. Apampando athu amagwira ntchito kutali, ndipo maimelo amawerengera pafoni, nthawi zambiri ali m'minibasi. Ndinawatumizira mafayilo atatu ndi linki ya zithunzi, n'kulemba mzere umodzi wokha: "Moni bambo, onani zomwe ndatumizazi."

Madzulo anandiimbira. Anali atayamba ndi fayilo ya `Scan0003.pdf`, yomwe inali kotesheni ya sitolo yodula kwambiri, ndipo ankaganiza kuti mtengo umenewo ndi umene tasankha. Atadina linki, foni inawauza kuti apemphe kaye chilolezo. Bajeti yeniyeniyo, imene inali ndi dzina loti `Document1.docx`, sanaitsegule n'komwe. Ine mafayilowo ndinkawadziwa chifukwa ndinachezera nawo usiku, koma iwo anangoona timabokosi titatu tofanana kumunsi kwa uthenga, popanda chowauza kuti ayambe ndi kati. Usiku womwewo ndinalembanso imeloyo, ndipo njira imene ndinatsata ndi imene ndimatsatabe.

Ndisanalembe liwu lililonse, ndinadzifunsa kuti ngati apampando ali ndi mpata wotsegula chinthu chimodzi chokha asanatsike minibasi, chikhale chiti. Yankho linali bajeti, chifukwa ndi yokhayo imene inkafuna kuti iwo anenepo kanthu. Makotesheni anali umboni wa mitengo ya m'bajetiyo. Maminitsi a msonkhano wapitawo anali ongokumbutsa. Zithunzi zinali za amene akufuna kuona ndi maso mmene denga lawonongekera.

Kenako ndinasintha mayina a mafayilo. Bajeti ndinaisunga ngati PDF kuti mizere yake isasokonekere pafoni, ndipo makotesheni atatu a masitolo ndinawaika m'fayilo imodzi. Mayina anakhala otere:

```
1_bajeti_denga.pdf
2_makotesheni.pdf
3_maminitsi.pdf
```

Nambala yoyambirirayo imagwira ntchito yaikulu. Pafoni dzina lalitali limadulidwa, munthu n'kungoona zilembo zoyamba, choncho mawu ofunika aziyamba ndiwo. Komanso munthu akasunga mafayilo m'foni mwake, imelo yofotokoza ija imatsalira m'mbuyo, koma nambala imapita nawo. Mayina ngati "yomaliza" kapena "yatsopano" ndinasiya kuwagwiritsa ntchito, chifukwa pakatha sabata pamakhala yatsopano ina.

Linki ndi imene inandivuta kwambiri. Zithunzi zinali zopitirira 25 MB, malire a zimene Gmail imalola kutumiza pamodzi ndi uthenga, n'chifukwa chake ndinaziika m'foda pa Google Drive, malo osungirako mafayilo pa intaneti. Chimene sindinaonetsetse n'chakuti foda yatsopano imakhala pa `Restricted`, kutanthauza kuti amaitsegula ndi okhawo amene mwawatchula. Kwa ine linkiyo inkatseguka bwinobwino chifukwa foda ndi yanga. Ndinalowa pa `Share`, n'kusintha kukhala `Anyone with the link`, ndi kusiya pa `Viewer` kuti anthu azingoona osasintha kanthu. Ndinatero chifukwa zinali zithunzi za malata ndi mitanda basi. Zikanakhala za ana kapena za ndalama, ndikanasiya pa `Restricted` n'kulembamo adiresi ya imelo ya apampando okha, pakuti linki yotseguka imatsegukira aliyense amene waipeza. Pomaliza ndinaiyesa pafoni ya mwana wanga, mmene mulibe akaunti yanga, ndipo inatseguka.

Pa `Subject` ndinalemba kuti: Bajeti ya denga, muvomereze pofika Lachinayi. Uthenga wake unali uwu:

"Moni bambo apampando. Ndikupempha kuti muone bajeti ya denga ndipo mundiyankhe pofika Lachinayi madzulo ngati mwaivomereza. Ndatumiza mafayilo atatu ndi linki imodzi.

Muyambe ndi 1_bajeti_denga.pdf. Ndi tsamba limodzi lokha, ndipo chofunika kwambiri ndi mzere wa malata komanso chiwerengero cha ndalama zonse kumunsi.

Mukafuna kudziwa kumene mtengo wa malata wachokera, tsegulani 2_makotesheni.pdf. Muli masitolo atatu, koma m'bajeti tagwiritsa ntchito mtengo wa patsamba 2, umene uli wotsika.

Fayilo ya 3_maminitsi.pdf ndi yongosunga, simufunika kuiwerenga lero.

Linki ili m'munsimu ndi ya zithunzi 12 za denga. Ndi zolemera, pafupifupi 40 MB, ndiye mungadikire mpaka mutapeza Wi-Fi. Sizikhudza chimene ndikupemphachi."

Muli zinthu zingapo mu uthengawu zimene ndinaika mwadala. Dzina la fayilo ndinalilemba ndendende mmene likuonekera kumunsi. Ndikanalemba kuti "onani dongosolo la ndalama" pomwe fayilo ikuti bajeti, munthu wotanganidwa akanayamba kukayika ngati pali fayilo ina imene sinafike. Ndinatchulanso chiwerengero, kuti mafayilo ndi atatu, n'cholinga choti akaona awiri adziwe msanga kuti china chasowa. Ndipo ndinanena poyera zimene angathe kuzisiya. Poyamba ndinkaona ngati n'kupanda ulemu kuuza munthu wamkulu kuti ichi musawerenge, koma ndinazindikira kuti ulemu weniweni ndi kusamutayitsa nthawi ndi bandulo. Kukula kwa zithunzi ndinakutchula pa chifukwa chomwecho: munthu asankhe yekha asanadine.

Pa linki ndimaonetsetsa kuti mawu ofotokoza akhale patsogolo, linki pambuyo, pamzere wakewake. Adiresi ya Google Drive ndi zilembo zosakanikirana zosanena kanthu, ndipo anthu ambiri masiku ano amaopa kudina linki yosadziwika chifukwa cha akuba a pa intaneti. Akudziwa bwino. Pakompyuta mungathe kusankha mawu, monga "zithunzi za denga", n'kudina `Ctrl+K` kuti linki ibisale m'mawuwo. Mawu oti "dinani apa" sindiwagwiritsa ntchito, chifukwa m'imelo ya malinki awiri palibe angadziwe kuti "apa" wake ndi uti.

Ndisanatumize, ndinapita kumunsi n'kuwerenga mafayilo ndi chala, kenako n'kutsegula iliyonse kuona ngati ndi yoyenera. Gmail imachenjeza munthu akalemba mawu achingelezi ngati `I have attached` koma osaikapo fayilo. Mukalemba m'Chichewa musadalire chenjezo limenelo, muziwerenga nokha.

Yankho linabwera Lachitatu m'mawa: avomereza, koma misomali yachepa, ndiwonjezere. Apa panali msampha wina. Mukadina `Reply`, mafayilo a uthenga woyamba sapita nawo, pomwe `Forward` imawatenga. Ndinakonza bajeti, n'kuitcha `1_bajeti_denga_v2.pdf`, n'kuiikanso ndekha poyankha. Mzere woyamba unali woti: "Bambo, mutsegule yokhayi, ija ya dzulo muisiye. Chasintha ndi mzere wa misomali basi." Kwa msungichuma, amene sanalandire uthenga woyamba uja, sindinangodina `Forward`, chifukwa akanalandira bajeti yakale. Ndinamulembera imelo yakeyake, ndipo kwa iye ndinati ayambe ndi makotesheni, poti ndi amene ankapita kusitolo Lachisanu.