Mizere ya njerwa ndi matailosi ukachotsa chinthu pa chithunzi

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani ya khoma la njerwa. Anzanga amene mumakonza zithunzi kuno ku Mzuzu mukulidziwa vutoli. Munthu wajambulitsa ataima kutsogolo kwa khoma, kumbuyo kwake kuli bokosi la mita ya magetsi, ndiye akuti lichoke. Kulichotsa sikuvuta. Chimene chimavuta ndi malo amene latsala, chifukwa mizere ya simenti imafika pamenepo n'kupindika, ina kuduka, ina kuoneka iwiriiwiri, moti ngakhale munthu wosadziwa za kompyuta amaloza ndi chala kuti apa panali kanthu.

Za maleya ndi mmene `Clone Stamp` imagwirira ntchito mu Photoshop sindinenapo, nonse mumazidziwa. Chimene chinanditsegula maso ndi ichi: khoma la njerwa limadzibwereza pa mtunda wodziwika, ndipo mtunda wa pakati pa pamene mukutenga ndi pamene mukupaka uyenera kukhala mtunda womwewo, kapena kuuwirikiza kawiri, katatu, kanayi, osati kawiri ndi kachidutswa. Mukadina `Alt` pakati pa njerwa, pamene palibe chizindikiro chilichonse, ndiye kuti mtundawo mwangolota. Mukalakwitsa ndi mapikiselo anayi okha, mzere uliwonse umene burashi idutse usemphana ndi mnzake ndi mapikiselo anayi omwewo, ndipo palibe kufewetsa burashi kumene kungabise zimenezo.

Choncho potenga, tengani pa mphambano ya simenti, pamene mzere woimirira wakumana ndi wogona. Popaka, kudina koyamba kugwerenso pa mphambano. `Aligned` ikhale yochongedwa kuti mtundawo usasinthe mukakweza dzanja, ndipo mu `Window > Clone Source` yatsani `Show Overlay` ndi `Clipped` kuti muziona mkati mwa burashi chimene chikubwera musanadine.

Koma mphambano si zofanana zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Amisiri amayala njerwa mosemphanitsa, njerwa ya pamwamba kukhala pakati pa ziwiri za pansi. Ndiye kuti kosi imodzi, mndandanda umodzi wogona wa njerwa, sifanana ndi yotsatira, imafanana ndi yachiwiri yake. Pa mzere wogona uliwonse pali mphambano imene mzere woimirira ukukwera, ndi ina imene ukutsika. Mukatenga pa yokwera n'kupaka pa yotsika, mizere yogona ikumana bwinobwino, inu n'kuyamba kusangalala, koma yoimirira ikhala itasuntha ndi theka la njerwa. M'mphepete mwa malo okonzedwawo mutuluka tinjerwa tatifupi ndi njerwa zina zazitali zimene mmisiri aliyense sangayale.

Tiyeni titenge khoma lojambulidwa molunjika, kamera itayang'anana nalo. Yezani ndi `Ruler Tool`, koma musayeze njerwa imodzi. Yezani zisanu pamodzi ndi simenti yake, mugawe. Tinene kuti mwapeza mapikiselo 910, ndiye kuti njerwa imodzi ndi mzere wake ndi 182. Makosi khumi akupatsani 640, kosi imodzi ndi 64. Kuchokera apa mitunda yololedwa cham'mbali ndi 182, 364, 546, 728, ndipo chokwera ndi 128, 256, osati 64. Ngati malo oyera ali kosi imodzi pamwamba, 64 itheka pokhapokha muwonjezere theka la njerwa cham'mbali, monga 546 kuphatikiza 91, kukhala 637. Bokosi la mita pamodzi ndi mthunzi wake tinene kuti ndi lotambalala mapikiselo 430. Apa 364 sikukwanira, chifukwa mukamafika mbali ina ya bokosilo, potengera paja padzakhala palowa m'bokosi momwemo, kapena pamalo amene mwangopaka kumene, n'kuyamba kubwereza zobwereza kale. Mtunda woyamba wabwino ndi 546. Mukadina koyamba, yang'anani manambala a `Offset` mu `Clone Source`. Ngati `X` ili pafupi ndi 546 kapena -546 ndipo `Y` ili pafupi ndi 0, muli panjira, ndipo mutha kulemba nokha manambalawo m'timabokosimo.

Ndati pafupi dala. Njerwa zathu zambiri ndi zoumba pa chikombole n'kuwotcha pa uvuni, ndipo sizilingana. Ina yaitali, ina yakhota, ina inathyoka kona mmisiri n'kudzaza ndi simenti. Nambala 182 ija ndi yapakatikati chabe. Komabe mmisiri amayala motsata chingwe, ndiye mizere yogona imakhala yowongoka ndithu, pamene yoimirira imayendayenda pang'ono. Izi zikutiuza choyenera kuteteza. Mzere wogona usaphonye ngakhale pikiselo imodzi, chifukwa diso limautsata kuchokera mbali ina ya chithunzi kukafika mbali ina. Woimirira ukasuntha ndi mapikiselo atatu palibe angadziwe, popeza khoma lenilenilo ndi lotero kale. Ndiye pakani kosi imodzi kapena awiri pa nthawi, kenako tenganinso pa mphambano yatsopano. Kudina poyambira kenako `Shift` ndi kudina pothera kumakupatsani mzere wowongoka umene dzanja lokha silingathe.

`Opacity` ikhale pa 100%. Pa 50% simenti yakale ndi yatsopano zimaonekera pamodzi, ndipo ndi kumene kumachokera mizere iwiriiwiri ija. `Hardness` yapakati, cha m'ma 60%, imandikwanira. Malo okonzedwa athere mu mzere wa simenti, osati pakati pa njerwa, kuti kusiyana kwa mtundu kuoneke ngati njerwa ina basi. Ndipo tengani cham'mbali pa msinkhu womwewo ngati n'kotheka. Ndi mvula ya kuno, makosi a pansi amakhala othimbirira ndi dothi lothovukira komanso ndere, pamene a pansi pa denga amakhala owuma ndi owala, choncho kutenga pamwamba n'kutsitsa pansi kumabweretsa chigamba choonekera patali. Chotsala ndi njerwa yopsa kwambiri, yakuda ija, imene tsopano ikuoneka kawiri pa mtunda wa 546. Imeneyo ikonzeni payokha ndi `Healing Brush`, mkati mwake mokha, osakhudza simenti.

Zonsezi ndi za khoma lolunjika. Pa matailosi a pansi nkhani imasintha, chifukwa palibe amene amajambula pansi ali padenga. Matailosi a 60 ndi 60 sentimita ndi ofanana ndendende, koma pa chithunzi la pafupi ndi lalikulu, la kutali ndi laling'ono, ndipo mizere imapita ikuyandikana. Mtunda wobwerezabwereza uja kulibenso ngati nambala imodzi. Mukachotsa mpando wa pulasitiki umene unaiwalika pakhonde pa chithunzi cha ukwati, n'kutenga pa mphambano monga ndanenera, mphambano yoyambayo ikumana, koma burashi ikangoyenda pang'ono mizere iyamba kupatukana ngati lumo.

Apa ine ndimalumbirira `Filter > Vanishing Point`, imene ili mu Photoshop kuyambira CS2 mu 2005, koma anthu amangoidutsa. Kwa ine palibe china chofika pamenepa. Pangani leya yopanda kanthu musanatsegule, kuti zotsatira zikhale pazokha. Ndi `Create Plane Tool` ikani makona anayi pa mphambano zinayi za matailosi, ndipo atalikirane, monga matailosi anayi m'lifupi ndi anayi m'litali. Mukazungulira tailosi limodzi lokha n'kukoka kuti likule, kulakwitsa kochepa pa kona kumakula nako. Kugwira `X` kumakulitsa chithunzi kwa kanthawi pamene mukuika kona. Ukonde umene umaoneka pakati pa makona anayiwo ukakhala wa buluu ndiye kuti pulogalamu yaulandira, wachikasu kapena wofiira ndiye kuti makona sakugwirizana. Koma buluu sikutanthauza kuti mwalondola. Kokerani ukondewo mpaka udutse pamene panali mpando, muone ngati mizere yake ikuyendabe limodzi ndi mizere ya matailosi mbali zonse. Ikakhala ikuyenda limodzi, `Stamp Tool` ya mkati momwemo imachepetsa kapena kukulitsa chimene mwatenga molingana ndi mtunda, ndipo lamulo la mphambano pa mphambano limagwiranso ntchito ngati pa khoma paja.

Tengani kuchokera pafupi kupita kutali. Tailosi la kutali lili ndi mapikiselo ochepa, ndipo mukalikokera kutsogolo limakulitsidwa n'kuoneka lachimbuuzi pakati pa anzake akuthwa. Pa `Heal`, `Luminance` imathandiza pamene mbali ina ya khonde ili ndi kuwala kwambiri, koma pafupi ndi diresi yoyera kapena nsapato yakuda imakoka kuwala kapena mdima wa zinthuzo n'kuda malo, ndiye pamenepo ikani `Off`. Amene muli ndi GIMP, `Perspective Clone` imachita zofanana, mumayamba ndi `Modify Perspective`, kenako n'kusankha `Perspective Clone` m'malo mwake n'kutenga ndi `Ctrl`.

Pali pamene ukonde umakana ngakhale muike makona mosamala bwanji. Kawirikawiri ndi lenzi yotambalala, imene imakhotetsa mizere cha m'mphepete mwa chithunzi. `Vanishing Point` imadziwa mizere yowongoka yokha. Wongolani kaye ndi `Lens Correction`, kenako muyambe kuchotsa zinthu, osati mosemphanitsa.

Chimandinyansa n'chakuti ophunzitsa ambiri amaonetsa kuchotsa chinthu pa udzu kapena pa mtambo, pamene palibe mzere woti uphonye, kenako n'kudina `Content-Aware Fill` n'kuti phunziro latha. Chida chimenechi chinabwera ndi CS5 mu 2010 ndipo pa udzu chimachita zodabwitsa, koma chimasonkhanitsa tizidutswa tofanana maonekedwe osawerenga makosi, ndiye pa dzenje lalikulu pa khoma chimakupatsani njerwa zosungunuka. Wophunzira amaganiza kuti dzanja lake ndi limene lili ndi vuto, pamene palibe anamuuza zoyeza. Mphindi khumi zokha ndi khoma limodzi zikanakwana kufotokoza zonsezi. Komanso nthawi, abale. Zithunzi za mwambo womaliza maphunziro zimabwera mulu, aliyense akufuna zake madzulo omwewo, magetsi nawo osadalirika, ndipo khoma limodzi lochita bwino limadya nthawi ya zithunzi zingapo.

Pamene sindinakhazikike maganizo ndi pa matailosi onyezimira. Mpando ukachoka pamatsala mthunzi wake ndi chithunzithunzi chake m'tailosi, zonsezo zichoke. Koma m'matailosi omwewo mumaonekanso windo, chitseko, ngakhale miyendo ya anthu, ndipo zimenezi sizisuntha limodzi ndi mizere. Mukatenga tailosi la kumanzere mumatenganso kuwala kwa windo kumene kumayenera kukhala kumanzereko. Mizere ikumana bwino, koma pansi pamaoneka ngati pali mawindo awiri. Njira imene ndikuyesa pano ndi kusiyanitsa ntchito ziwirizi, kuyala kaye mtundu ndi kuwala pa leya yake popanda mizere, kenako kubweretsa mizere yokha pa leya ina pamwamba. Pa matailosi oyera opanda maluwa ikuoneka kuti ikutheka. Pa aja okhala ndi mitsempha ngati mwala, mtima wanga ukukayikabe ngati kuli bwino kulimbana nawo kapena kungodula chithunzicho kuti pansipo pachepe.