Kupeza mpata umene anzako ogulitsa makeke ausiya pa Facebook

Ndikafuna kupeza poima bizinesi ya makeke ku Lilongwe, ndimayamba ndi masamba asanu a anzathu pa Facebook. Atatu amakhala a anthu amene tikulimbirana nawo makasitomala, a dera limodzi ndi mitengo yoyandikana. Lachinayi ndi la wophika wotchuka kwambiri, lachisanu la wongoyamba kumene amene anthu ayamba kumutchula. Akachuluka kuposa apa, bandulo imatha mutu usanagwire kanthu.

Tsamba lililonse ndimayamba ndalitsegula pa About, kenako Page transparency. Pamenepo pamaoneka tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi mayina amene linasintha. Tsamba limene kale linali la nthabwala kapena la mpira limatha kukhala ndi otsatira ochuluka amene sanaganizepo zogula keke. Loterolo ndimalichotsa ndi kupeza lina.

Kenako ndimatenga kope. Pa tsamba lililonse ndimawerenga mapositi 20 omaliza, onse pamodzi 100, ndipo positi iliyonse imatenga mzere umodzi: tsiku, mtundu wa keke, ngati mtengo walembedwa, ngati dera latchulidwa, ndi zimene anthu afunsa pansi pake. Mawu a wogulitsa sindilemba m'kopemo, zithunzi zake sindisunga mufoni. Ndimalemba mawu a ogula okha. Chimene wasunga chimadzatulukira m'zolemba zako usakudziwa, ndipo kubera kwambiri kumayambira pamenepo.

Malayiki sindiwawerengera kwenikweni, chifukwa achibale ndi anzake a wogulitsa amadina chilichonse. Nkhani ili m'makomenti. Ndimasintha kuchoka pa Most relevant kupita pa All comments, popeza Facebook imabisa ena, ndiye ndimaika kamzera nthawi iliyonse funso likabweranso. Tiyerekeze kuti m'mapositi 100 aja funso loti "ndi zingati?" labwera ka 40 ndipo yankho lake ndi "bwerani kuinibokosi", loti "mumafika ku Area 25?" labwera ka 15 osayankhidwa, ndipo anthu angapo afunsa za keke yaing'ono ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pamene zithunzi zonse ndi za makeke osanjikiza a ukwati. Mipata ndi itatu, koma sindinasankhebe.

Mpata ulionse ndimaufunsa kuti, bwanji anthu asanu onsewa ausiya? Nthawi zina sanauone. Koma nthawi zambiri anayesapo n'kupsa zala. Kukasiya keke kutali kumamveka kokoma, mpaka utakweza keke ya kirimu wa batala pakabaza masana a Okutobala: imafika itasungunuka mbali imodzi, ndalama ya mayendedwe itadya phindu. Ngati ndilibe galimoto kapena bokosi lozizira, mpata umenewu ndimausiya ngakhale ofunsa achuluke.

Za mtengo ndi zina. Ophika amabisa mtengo chifukwa shuga, mazira ndi fulawa zimakwera pafupipafupi, ndipo kasitomala amabwera ndi positi yakale n'kumakakamira mtengo womwewo. Vuto limeneli lili ndi mankhwala: kulemba pachithunzi chenichenicho tsiku limene mtengowo uthere, ndi kutulutsa wina mwezi ukayamba. Wogula amene amachita manyazi kufunsa mtengo kuopa kuti sakwanitsa ndiye amene ndikumufuna, ndipo ndi yemweyo amene amafunsa keke yaing'ono. Apa mipata iwiri yakumana pa munthu mmodzi.

Ndisanatseke kope ndimaona pa facebook.com/ads/library. Ndimasankha Malawi, All ads, n'kulemba dzina la tsamba lililonse. Pamaoneka zotsatsa zimene akulipirira panopa ndi tsiku limene zinayamba. Chotsatsa chimene chakhala masabata angapo osaimitsidwa ndimachiganizira kuti chikubweretsa maoda. Ndikapeza kuti wophika wotchuka uja akutsatsa kale makeke aang'ono ndi mitengo yake, ndiye kuti malowo ali ndi mwini, ndibwerere kukope.

Ngati palibe, ndimatseka masamba onse kwa masiku atatu, kenako ndimalemba chiganizo chimodzi: "Makeke aang'ono a tsiku lobadwa, a anthu asanu ndi mmodzi, mtengo uli pachithunzi, odani lero mutenge mawa." Ndimachiyesa pochiwerenga ndi dzina la mnzanga aliyense mwa asanu aja. Chikamukwanira mmodzi, monga momwe "makeke okoma pamtengo wabwino" amakwanira aliyense, ndimalembanso.

Zithunzi nazo zitsate chiganizocho: keke ili patebulo la pakhomo, pambali pake mbale kuti kukula kwake kuoneke, osati m'holo ya ukwati. Ndimayenda nacho masabata anayi osasintha, n'kuwerenga makomenti a patsamba langa momwe ndinachitira kwa anzanga. Anthu akasiya kufunsa mtengo n'kuyamba kufunsa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money, ndimapitiriza. Akamafunsabe makeke a ukwati, ndimayamba ndasintha zithunzi ndisanakhudze chiganizo.