Tsiku lomwe Kabokosi anaseka pa maliro a ndalama

Banki yomwe ndinkagwirako ntchito itakonza akaunti yatsopano yosungira ndalama, bwana wathu wa zamalonda anandipatsa ntchito yosankha kalankhulidwe kake pa Facebook ndi masamba ena a mchezo. Akauntiyo inali yosavuta kumva. Umaika ndalama osazikhudza kwa miyezi 6, banki n'kukupatsa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka. Ukatapa nthawi isanakwane, chiwongoladzanja chonse chimapita. Ndiye kuti woika 100,000 ankapindula 5,000 pakutha pa miyezi 6, msonkho usanachotsedwe. Si ndalama zoti munthu n'kuvinira, koma ntchito yanga inali yoti anthu avine.

Ndinapita ku msonkhano ndi uthenga umodzi wolembedwa m'njira zitatu. Waulemu wa mu ofesi unkati: "Tikudziwitsa makasitomala athu onse kuti takhazikitsa akaunti yosungira ndalama ya miyezi 6." Wachikondi unkati: "Muli ndi cholinga chomwe mukusungira? Tiyeni tikusungireni kwa miyezi 6, ndalama zanu zikule." Wachitatu ndi womwe ndinkaukonda ngati mwana wanga. Ndinapeka kamunthu kojambula, kabokosi ka maso akuluakulu, dzina lake Kabokosi, ndipo kankalankhula ndi anthu ngati anzake akusukulu: "Iwe, ndalama zikukuyabwa m'thumba? Ndipatse ndizigoneke!"

Anthu anaseka, bwana mpaka anagogoda tebulo. Amene sanaseke anali mayi a ku dipatimenti ya zamalamulo, omwe uthenga uliwonse umayenera kudutsa m'manja mwawo usanatuluke.

"Achimwene," anatero, "munthu akadzatapa ndalama mwezi wachisanu chifukwa cha matenda, n'kupeza kuti chiwongoladzanja chapita, Kabokosi wanuyu adzamuuza kuti chiyani?"

Ndinayankha kuti tidzaona zikadzafika. Mayiwo analemba kenakake m'buku lawo, ndipo ndikukhulupirira kuti linali dzina langa.

Kuti ndisaoneke wongotsata mtima, ndinayesa mauthenga atatuwo pa magulu atatu ofanana a anthu. Kabokosi anapambana kutalitali pa kukondedwa ndi kugawidwa. Ndinajambula manambalawo pa tchati chokongola. Mzere wina wa lipotilo, wosonyeza anthu amene anadina n'kukamaliza kutsegula akaunti, ndinauona ndithu, ndipo pamenepo uthenga wachikondi ndi umene unali patsogolo. Koma mzere umenewo unali pansi kwambiri, ndipo tchati changa chinali chitadzaza kale.

Vuto loyamba linabwera ndi mawu awiri okha. Pa chithunzi china ndinalemba kuti "Zigoneke, zidzuke ndi 10 peresenti!" Mawu oti "pa chaka" ankasokoneza kamvekedwe, choncho ndinawatsitsira pansi penipeni m'tizilembo toti munthu atenge galasi. Mayi a zamalamulo anali pa tchuthi, ndipo wowagwirizira anasaina akudya. Anthu ena anamva kuti ndi 10 peresenti pa miyezi 6, ena pa mwezi. Bambo wina anawerengera poyera kuti pakutha pa chaka agula galimoto. Ena anayamba kufunsa ngati tsambali linalidi la banki, chifukwa kulonjeza phindu mosatchula nthawi, kuphatikiza tinkhope toseka mbwee, ndi mmene amalankhulira akuba a pa intaneti. Tinachotsa chithunzicho n'kulemba uthenga wokonza, ndipo uthenga umenewo unatuluka m'chinenero cha maloya. Tsamba lomwe dzulo linkati "iwe" lero linkati "makasitomala athu olemekezeka akudziwitsidwa." Mayi wina anafunsa ngati Kabokosi wamangidwa.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo. Ine ndinali nditakonzeratu mauthenga a mwezi wonse mu Meta Business Suite, kuti azituluka okha pa nthawi yake, ine ndili phee.

Lachisanu lina la kumapeto kwa mwezi, pulogalamu ya banki ya pafoni inasokonekera. Ndalama za anthu zinalipo bwinobwino, koma aliyense akatsegula ankaona 0.00. Mafoni a ku ofesi yothandiza makasitomala ankalira osapuma. Ine ndinali pa mpando wa ometa, theka la mutu litametedwa, foni ili m'thumba. Nthawi ya 12 koloko itakwana, Kabokosi anadzuka monga ndinamuuzira, akumwetulira mpaka m'makutu, n'kulengeza kwa dziko lonse kuti:

"Ndalama zako ukuziona? Ayi? Ndiye kusunga kumeneko!"

Nthabwala imeneyi ndinailemba masabata angapo m'mbuyomo, ndipo tanthauzo lake linali loti ndalama zobisika sizikuyesa. Palibe anaimva choncho. Choipitsitsa n'choti ndinali nditaikanso yankho lotuluka lokha kwa aliyense wolemba ku bokosi la mauthenga. Choncho mphunzitsi wina wopuma ntchito atalemba kuti ndalama zake zonse za penshoni zasowa, analandira yankho nthawi yomweyo: "Mtima pansi, bwanawe! Kabokosi ali pa ntchito." Anajambula yankholo n'kuliika poyera, pansi pake n'kulemba kuti ali ndi zaka 67 ndipo sanakhalepo bwanawe wa bokosi.

Ndinathamangira ku ofesi mutu uli choncho. Pa chikepe ndinakumana ndi mayi a zamalamulo, atabwerako ku tchuthi tsiku lomwelo. Anayang'ana mutu wanga, kenako foni yawo.

"Zafika, achimwene," anatero. "Tiyeni tione."

Lolemba anandikhazika pansi ndi mtsikana wa ku ofesi yothandiza makasitomala, yemwe amamva mawu a anthu okwiya tsiku lililonse. Uthenga wolengeza akaunti anauika pambali, ati umenewo aliyense angaulembe mokoma. Anandiuza kuti ndilembe mauthenga atatu ovuta m'kalankhulidwe kalikonse: wouza munthu kuti wataya chiwongoladzanja, wopepesa pulogalamu ikafa, ndi woyankha amene akuti tamubera. Kabokosi analephera onse atatu, chifukwa palibe njira yosekera munthu amene akuopa kuti ndalama zake zapita. Wa mu ofesi uja anakhoza, koma ankamveka ngati tikubisala kuseri kwa malamulo. Wachikondi unatuluka chonchi: "Pepani, tikudziwa kuti kuona 0.00 kwakuopsani. Ndalama zanu zilipo zonse, vuto lili pa pulogalamu yoonetsera. Tikudziwitsaninso ikamakwana 3 koloko." Mtsikanayo anati uthenga wotere ukanachepetsa mafoni ake, chifukwa ukunena chachitika, chomwe sichinachitike, ndi nthawi yomvanso kuchokera kwa ife.

Tinagwirizana zochepa zokwana tsamba limodzi. Kasitomala ndi "inu" nthawi zonse. Paliponse pamene patchulidwa 10 peresenti, "pa chaka" ndi lamulo la miyezi 6 zikhale pomwepo, m'zilembo zofanana kukula. Nthabwala sitinaziletse, koma zizikhudza mayesero ogula zinthu zosafunika, osati kusowa kwa ndalama, ndipo zisalowe m'mayankho a madandaulo. A zamakompyuta akangolengeza vuto, munthu woyamba kuimbiridwa ndi ine, kuti ndiimitse mauthenga onse okonzeratu.

Ndinkaganiza kuti Kabokosi wapita basi. Koma bwana, m'masiku a chisangalalo aja, anali ataitanitsa kale chovala chake chachikulu cha siponji choti munthu azivala pa zionetsero, ndipo ogulitsa anakana kubweza ndalama. Atachitulutsa m'katoni, anayang'ana ofesi yonse kufuna wamsinkhu woyenera.

"Tayesani inuyo," anatero. "Koma mukavala musalankhule."