Makalata awiri a ntchito, malipiro ofanana: momwe ndinawerengera penshoni ndi zachipatala

Makalata onse awiri anali ochokera kumakampani a ku Blantyre. Yoyamba inalonjeza K900,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe, yachiwiri K950,000 (ziwerengerozi ndazisintha pang'ono kuti masamu ayende bwino). Poyang'ana pamwamba, yachiwiri inali patsogolo ndi K50,000. Ndinapempha mbali zonse kuti anditumizire malipirowo atawagawa mzere ndi mzere, monga momwe adzaonekere papepala la malipiro la mwezi woyamba. Palibe amene anakana, ndipo pempho limeneli ndi lomwe linatsegula zonse.

Kuyoyamba, K900,000 yonseyo inali besiki, kutanthauza malipiro enieni opanda maalawansi. Kuyachiwiri besiki inali K600,000, ndipo K350,000 yotsalayo inali maalawansi a nyumba, mayendedwe ndi foni. Pansi pa kalata panalembedwa kuti penshoni idzawerengedwa pa besiki.

Lamulo la penshoni m'Malawi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati bwana aziika 10 peresenti kapena kupitirirapo, wantchito aziika yosachepera 5 peresenti. Makampani onse awiri ananena monyadira kuti amapereka 10 peresenti, ndipo sananame. Funso lomwe linali lofunika ndi lakuti 10 peresenti ya chiyani. Kuyoyamba bwana akanaika K90,000, ine K45,000, zonse pamodzi K135,000 pamwezi. Kuyachiwiri bwana K60,000, ine K30,000, zonse K90,000. Ndikangowerenga ya bwana yokha, yomwe ndi ndalama yoonjezera pamwamba pa malipiro anga, kusiyana kunali K30,000 pamwezi, kutanthauza K360,000 pachaka, tisanawerenge phindu lomwe ndalamayo imabereka ikakhala m'thumba la penshoni kwa zaka zambiri.

Chosokoneza n'chakuti kuyachiwiri ndalama yolowa m'manja imaoneka yonenepa pazifukwa ziwiri. Malipiro ndi okwererapo, komanso amakudula K30,000 m'malo mwa K45,000. Koma K15,000 imeneyo si mphatso ayi, ndi ndalama yanga yomwe ndikanaidya lero m'malo moisunga. Munthu amene ali ndi ngongole ya katapila pakhosi akhoza kusankha zimenezo ali maso, ndipo sindingamuweruze. Chachikulu n'chakuti adziwe chomwe wasinthanitsa.

Besiki yomweyo inabweranso pa inshulansi ya moyo. Lamulo la penshoni limakakamiza bwana kugulira wantchito aliyense inshulansi yoti akamwalira ali pantchito, abale ake alandire ndalama yosachepera malipiro a chaka chimodzi, amene penshoni imawerengedwerapo aja. Onse awiri ankapereka ya chaka chimodzi basi. Kuyoyamba imeneyo ndi K10,800,000, kuyachiwiri K7,200,000. Ndi nkhani yomwe sitikonda kuikamba tikamayamba ntchito yatsopano, koma amene watsala ndi ana amaimva kusiyana kwake.

Kuno kulibe thumba limodzi la boma longa la anzathu a ku Zambia, komwe NAPSA imalandira 5 peresenti kwa wantchito ndi 5 peresenti kwa bwana, ndipo NHIMA imayendetsa inshulansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Kwathu ndalama ya penshoni imapita kumakampani oyendetsa penshoni monga Old Mutual ndi NICO, moyang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve. Ndiye chitetezo chako chimadalira kwambiri kukhulupirika kwa amene wakulemba ntchito. Lamulo limamupatsa masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize ndalamazo, koma banki yaikuluyi yakhala ikudandaula za mabwana omwe amadula antchito penshoni n'kusaitumiza. Papepala la malipiro zonse zimaoneka bwinobwino, chifukwa pepalalo limangoonetsa kuti wadulidwa. Umboni weniweni ndi sitetimenti yochokera kukampani yoyendetsa penshoniyo. Ndinafunsa mbali zonse dzina la kampani yomwe imasunga penshoni yawo, kenako ndinafufuza munthu amene akugwira kale ntchito kumeneko n'kumufunsa ngati sitetimenti yake imaonetsa ndalama ikulowa mwezi uliwonse. Konse kuwiri yankho linali labwino. Zikanapezeka kuti kwina miyezi ina ili mbee, masamu ena onsewa akanakhala opanda ntchito.

Ndalama yomwe ndinasunga kuntchito yakale siinalowe m'masamuwa, chifukwa imakhalabe yanga ndipo imatha kusamutsidwira kuthumba latsopano. Sindinaiwerengenso penshoni ngati ndalama yapafupi. Ngakhale lamulo la 2023 linachepetsa nthawi yodikira ntchito ikatha kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3, n'kukweza gawo lotenga nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti, imeneyi si ndalama yolipirira fizi ya teremu ikubwerayi.

Zachipatala ndi zomwe zinandidyera nthawi. Makalata onse anangoti tili ndi sikimu ya zachipatala, mawu omwe sanena kanthu. Ngakhale kubungwe la masikimu a zachipatala la MASM kokha kuli magawo monga Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo amasiyana pa zipatala zomwe ungapiteko ndi malire a ndalama zomwe angakulipirire pachaka. Ndinapempha kabuku ka sikimu iliyonse. Kuyoyamba kampani inkalipirira ine, mayi akunyumba ndi ana awiri, pagawo lapakati, popanda kundidula kanthu. Kuyachiwiri inkalipirira ine ndekha. Nditafunsa mtengo woti ndionjezere banja, a kuofesi yoona za antchito anati azindidula pafupifupi K80,000 pamwezi.

Apa pamafunika kusamala ndi msonkho. K50,000 yoonjezera ija ndi ndalama yomwe msonkho wa PAYE sunadyeko, pomwe K80,000 ya sikimu ikanachoka pa ndalama yotsala msonkho utadya kale. Ngakhale osawerengera msonkho n'komwe, K50,000 kuphatikiza K15,000 ija yosadulidwa ndi K65,000, yosakwana kulipira sikimu ya banja. Ntchito yooneka ya malipiro apamwamba ikanandisiyira zochepa m'manja, penshoni yaing'ono ndi inshulansi yaing'ono.

M'kabuku ka sikimu ndinayang'ananso zinthu ziwiri zomwe zimapweteka anthu ali kale pawindo la chipatala. China ndi ndalama yopereka wekha pamwamba, ija timati shotifolo, pomwe sikimu imalipira gawo chabe la bilu kapena mtengo wake woikika, chipatala n'kufuna zotsalazo kwa iwe. China ndi nthawi yodikira: masikimu ambiri salipira uchembere kapena matenda omwe unali nawo kale mpaka patapita miyezi ingapo chilowereni. Mwana wathu wamng'ono ali ndi mphumu, ndiye ndinafunsa mwachindunji ngati mankhwala ake ayamba kulipiridwa mwezi woyamba, ndiponso ngati sikimu imayamba tsiku lolowa ntchito kapena miyezi yoyesedwa ikatha. Inde ku Queen Elizabeth thandizo ndi laulere, koma mankhwala akasowa amakulembera kuti ukagule kufamase, ndipo bilu imeneyo ndi yako.

Ndikanakhala mbeta wopanda omudalira, masamuwa akanayandikana kwambiri, chifukwa K80,000 ija sikanakhalapo, ndipo mwina ndikanatenga yachiwiri n'kumaonjezera ndekha ku penshoni. Ndi banja, yoyamba inapambana mosakayikitsa. Komabe ndinayamba ndabwerera kwa achiwiriwo ndi pepala la masamu anga, n'kuwafunsa ngati angakweze besiki pochepetsa maalawansi, kapena kulipirira banja theka la sikimu. Anati ndondomeko yawo ndi imodzi kwa onse. Kwa oyambawo ndinapempha kuti gawo la sikimu, anthu anayi olipiridwawo ndi tsiku loyambira zilembedwe m'kontirakiti momwemo, ndipo atazilemba ndinasaina.