Kalata yosiyira weyahausi: bwana amafuna ndilembe kuti zonse zili bwino

Sabata yathayi inali yanga yomaliza pa weyahausi ija ya kufupi ndi kwa Ngabu, zaka zisanu ndi chimodzi ndili ndi makiyi m'thumba, pano andisamutsira ku Bangula. Lolemba ndi Lachiwiri palibe chonena, kusesa, kuika mu dongosolo mabini khadi, makhadi olembapo katundu wolowa ndi wotuluka, kufananitsa leja ndi mavocha, anzanga a ntchito imeneyi mukudziwa kale. Kutentha kokha ndiye eee, Okutobala wa kuchigwa kuno m'kati mwa malata 10 koloko isanakwane malaya ali chonyowa. Koma Lachitatu ndi limene landilembetsa izi chifukwa mpaka pano mtima sunatsike.

Wolowa m'malo mwanga ndi mtsikana wa ku Nchalo, kapepala ka sukulu ali nako koma weyahausi yeniyeni ndi koyamba. Atafika m'mawa anati, madala, ingondipatsani kalata yosiyirana ntchitoyo ndisayine, ndikukukhulupirirani. Ndinati ayi achemwali, musadzasayine chinthu chimene dzanja lanu silinakhudze, ngakhale akupatseni malume anu enieni. Mukangosayina, thumba lililonse losowa likhala lanu, ine ndidzakhala ndili ku Bangula ndikudya nsomba.

Ndiye tinayamba kuwerenga limodzi, kalata yanga ili ya pensulo kaye, alonda akutinyamulira makwerero.

Tinayambira mapira. Pa bini khadi palembedwa matumba 312 a makilo 50. Muluwo ndinasanja ndekha, m'litali matumba 6, m'lifupi 4, ndiye mzere umodzi ndi 24, mizere 12 kukwera m'mwamba ndi 288, pamwamba penipeni pali 18 osadzaza mzere, zonse 306. Ndinamuuza kuti asangowerenga m'mbali n'kuchulukitsa, akwere pamwamba apondeponde pakati, chifukwa mulu umatha kuoneka wathunthu kunja m'kati muli mphanga, anthu anasolola kalekale. Anakwera, anaponda, mulu uli ndi thupi. Koma 306 si 312. Anatsika nkhope itasintha.

Matumba 6 amenewo sanabedwe. Mu Febuluwale anankafumbwe analowa ngodya ya kumadzulo, umangomva thumba likutentha ukaika dzanja, ukaligwedeza ufa uli mbuu pansi pa paleti, matabwa osanjapo matumba aja. Tinatsegula matumba 40, kuyanika pa lona, kusefa, kupeta, kuthira akiteliki n'kusokanso, anatuluka 34. Ndinadzaza fomu yochotsera matumba 6 m'buku, ndinaitumiza ku ofesi, mpaka lero sinabwere yosayinidwa, ndipo popanda siginecha imeneyo ine sindingafufute nambala pa khadi ndekha. Ndiye m'kalata ndinalemba chonchi:

Mapira, m'buku 312, owerengedwa 306, mulu woyamba kumanja ukalowa pa chitseko chachikulu. Kusiyana 6, anatha posefa mu Febuluwale, kope la fomu lili mu fayilo yobiriwira m'kabati. Matumba 34 osokedwanso ali ndi chizindikiro cha penti yofiira, atuluke koyamba.

Tinayezanso matumba khumi otola apa ndi apo, osati a pakhomo okha. Asanu ndi atatu anali pa 50 kapena kuperewera pang'ono, awiri anali pa 47. Ndinalembanso zimenezo. Wolandira akapanda kudziwa, tsiku logawa alimi adzati sitolokipa watsopano akupungula.

Kenako feteleza. Yuleya m'buku 85, pansi 85, nambala yagwirizana bwinobwino, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amanamizira anthu, amangolemba 85 basi. Ndinati achemwali menyani thumba lililonse ndi chibakera. Labwino limamveka kuti lofewa, timibulu tikuyenda m'kati. Lina dzanja limabwerera ngati wamenya chulu. Yuleya amakoka chinyezi, akangodontheredwa amaundana kukhala mwala. Tinapeza 61 abwino, 19 oundana, 5 ong'ambika. Onse 19 anali pansi pa lata lomwe lija lobooka limene ndinalembera malipoti katatu, ine n'kumangokoka mulu uku ndi uku ndi kufunditsa lona nyengo yonse ya mvula, lata limodzi lokha kugula kwakanika. M'kalata ndinawagawa patatu, gulu lililonse ndi malo ake, oundanawo ndinawasanja paokha kuseri kwa sikelo kuti asasakanikirane.

Zing'onozing'ono tinathamanga nazo, masipuleya 14, atatu akudontha pa mpopi, makasu, mapaipi, malona 9 awiri odyedwa ndi makoswe, mankhwala a thonje m'kachipinda kokhoma, malita 12 mwa iwo deti yake inapita mu Julayi, ndinalemba kuti asaperekedwe kwa mlimi aliyense.

Nkhani inafika pa mainjini opopera madzi. M'buku muli 4. Awiri ali m'kati akulira bwino, tinawaliza iye akuona, osati kungoloza. Yachitatu ilipo koma ilibe kabuleta, makaniko anaichotsa kukakonzera ina. Yachinayi kulibe. Bwana anaitenga mu Meyi, Loweruka madzulo, anati ikathandize kudimba tsidya la Shire masabata awiri okha, vocha tidzalemba Lolemba. Lolemba limenelo silinafike mpaka lero. Chimene ndinachita tsiku lomwelo ndi kulemba m'kabuku kanga ka m'thumba nambala ya injini ndi nthawi, komanso alonda analemba m'buku la pageti nambala ya galimoto. Ndiye m'kalata ndinaika zomwezo, injini yachinayi, nambala yake yakuti, sili mu weyahausi, inatuluka tsiku lakuti ndi chilolezo cha pakamwa cha bwana, vocha palibe, onani buku la pageti.

Cha m'ma 3 koloko bwana anafika kudzaona kalata isanatayipidwe. Anawerenga ataima, atafika pa injini anakhala pansi. Anati, madala, kalata yosiyirana ntchito imakhala tsamba limodzi, izi mwalembazi ndi mlandu. Chotsani za injini, ibwera sabata ya mawa, za feteleza lembani 85 ali bwino, ku ofesi sakonda zambirimbiri. Ananena izi mtsikana uja ali pomwepo, ataima ndi bolopeni m'manja.

Magazi anandithamanga. Zaka zonsezi ndalemba za lata, za fomu, za mapaleti amene chiswe chatha, osayankhidwa, lero tsiku lotsanzika ndiye ndimusiyire mwana wa eni dzenje lofundira udzu? Chifukwa tiyeni tinene zoona, oditala akabwera mu Disembala sadzafunsa bwana, sadzafunsa ine, adzatsegula kalata n'kuona siginecha ya wolandira pansi pa mawu oti mainjini 4 onse alipo. Injini imodzi ndi malipiro ake a miyezi ingati? Ndinaonapo mnzathu wina ku Nsanje akudulidwa malipiro chaka chathunthu chifukwa cha simenti youma imene anaipeza youma kale, anangosayina mwaulemu poopa kuoneka wamwano kwa wamkulu.

Sindinakweze mawu, ndinangoti bwana, ngati injini ibwera sabata ya mawa ndiye palibe vuto, ikadzafika achemwali adzalemba kuti yabwera, mzere umodzi. Kapena lembani vocha pompano musayine kuti ili m'manja mwanu, ine ndisintha mawuwo ndilembe kuti inabwerekedwa, vocha nambala yakuti. Koma kulemba kuti ili muno pamene muno mulibe, dzanja langa likana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anati mwakula mtima chifukwa mukupita. Mwina n'zoona. Anatuluka osatsanzika, galimoto fumbi kobo.

Alonda, mkulu wa Chisena amene salankhulalankhula, anangoseka pansipansi n'kupita kukatunga madzi.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mtsikana uja anayamba kundipepesa ine, akuti madala mwina tingochotsa, ndisayambe ntchito ndi udani. Ndinamumvetsa, iye ndi amene atsale nawo. Ndinamuuza kuti kalatayi ndi yanga, wolemba ndine, akakufunsani muziti ndinapeza zolembedwa kale. Inu mbali yanu ndi kuwerenga ndi kusayina zimene mwaona.

Lachinayi tinamaliza mbali imene ine ndimaiona yofunika kuposa manambala, ya malo. Weyahausi yathu ilibe manambala a mashelefu ngati za m'tauni, ndiye kulemba kuti zili mu sitolo n'chimodzimodzi osalemba kanthu. Ndinajambula kamapu pa tsamba lomaliza, chitseko chachikulu, kachipinda ka mankhwala, sikelo, milu inayi, n'kulemba ndi choko pakhoma nambala ya mulu uliwonse kuti zigwirizane ndi kalata. Ndinaikamonso zimene sizili m'buku lililonse. Pakhoma la kum'mawa pali mzere wa matope wofika m'bondo, pamene madzi anafika nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndinakana kuti aupake laimu. Ndinalemba kuti mvula ikayamba, mbewu ndi feteleza zisakhale mbali imeneyo, ndipo mapaleti asanjikizidwe awiriawiri. Mulu usagunde khoma, pazitsala mpata woti munthu adutse ndi tochi kuona chiswe ndi ndowe za makoswe. Mbewu ya chitowe ndi ya mapira isayandikire malata, kutentha kwa kuno kumaipha isanafike m'munda. Makiyi alipo atatu a chitseko chachikulu, awiri ndapereka, yachitatu ili ndi bwana, ndipo ndinalemba poyera kuti ndikulangiza kusintha loko. Sikelo imanama ndi theka la kilo ikapendekeka, pali kathabwa kochirikiza mwendo wakumbuyo, musakataye poyesa zinyalala.

Kalata inakwana masamba anayi, makope atatu, langa, la wolandira ndi la ku ofesi, tsamba lililonse tonse awiri tinasayina m'munsi kuti wina asadzasolole limodzi n'kulowetsa lina. Panatsala mzere wa mboni, wa bwana.

Lachisanu m'mawa ndikumanga katundu wanga, ndinamva njinga yamoto pageti. Mnyamata wabweretsa envulopu, m'kati muli vocha ya injini, yosayinidwa, deti yake ya Lachinayi osati ya Meyi, koma nambala ya injini ndi yolondola. Tinakonza mzere uja ndi bolopeni, tonse awiri n'kusayina pambali pake. Fomu ya matumba 6 ija sinabwerebe, lata likadali lobooka, ndipo mzere wa mboni ndachoka uli wosasayinidwa. Ndinamusiyira mtsikanayo nambala yanga ya foni ndi tochi yanga yakale, kenako alonda anandinyamulira chikwama mpaka pa msewu kukadikira minibasi ya ku Bangula.